Pepala lobwerekera munda: mizere itatu yoti tiiwerenge kawiri

(Mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wa kalabu ya omvera wailesi kuno ku Angoniya)

Ine ndine mlimi ngati inu nomwe, ndipo sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Koma poti kuwerenga ndimatha, anzanga amandibweretsera mapepala awo obwerekera minda kuti ndiwawerengere. Ndiye atsogoleri anati lero ndifotokoze zimene ndimayang'ana pa pepala lotere. Zinthu zake ndi zitatu basi: nthawi, malipiro, ndiponso zimene zidzachitike nthawiyo ikatha.

Ndiyambe ndi lamulo pang'ono, kuti tidziwe kuti tikasayina timakhala titagwira chiyani m'manja. Kuno ku Mozambiki nthaka ndi ya Boma, ndipo sigulitsidwa kapena kuikidwa chikole. Zili choncho mu Lamulo la Malo la 1997, zilinso mu Malamulo Aakulu a dziko a 2004. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, uja pa mapepala amalemba kuti DUAT. Ufuluwu uli nawo ngakhale ulibe pepala la Boma, ngati munda unaupeza mwa mwambo wa makolo. Choncho munthu wokubwereka munda sakukupatsa nthaka ayi, akungokulola kulima pamene iye ali ndi ufulu. Mukaona pepala lolembedwa kuti "ndagulitsa munda", dziwani kuti mawu amenewo lamulo siliwadziwa.

Pamenepa pali funso loyamba tisanawerenge n'komwe: kodi amene akusayinayo ndiye mwini ufulu? Kwathu kuno minda yambiri ndi ya kuchikazi. Mkamwini angathe kulima munda zaka zambiri, koma sangaubwereketse yekha popanda mayi a pakhomopo ndi amalume awo, eni mbumba. Pepala limene wasayina mkamwini yekha limatha mphamvu tsiku limene banja lagwedezeka. Ndiye ine ndimati mayi asayine kapena adinde chala, ndipo mwini mbumba akhale mboni.

Tsopano ndikuwerengereni pepala lina limene mlamu wanga anabwera nalo asanasayine. Linali lalifupi, mizere itatu yokha, ndipo linati: "Ine ndabwereketsa munda wanga wa hekitala imodzi kwa chaka chimodzi, kuyambira pa 1 Januwale. Wobwereka adzandipatsa gawo limodzi mwa magawo anayi a zokolola. Chaka chikatha tidzakambirananso." Mwini mundayo si munthu wachinyengo, analemba ndi mtima wabwino. Koma mzere uliwonse pa itatuyi uli ndi dzenje lake. Tiyeni tiitenge umodziumodzi.

Mzere woyamba: nthawi

"Chaka chimodzi kuyambira pa 1 Januwale." Abale anga, chaka cha pa kalendala si chaka cha mlimi. Ife timasosa ndi kuunga mizere mu Sepitembala ndi Okutobala, timabzala mvula ikagwa kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, ndipo chimanga timakolola mu Meyi mpaka Juni. Munthu wolowa m'munda pa 1 Januwale wachedwa kale kubzala chimanga. Akati adikire mvula inayo, abzala mu Disembala, ndipo pa 31 Disembala pepala latha chimanga chili m'mawondo, feteleza woyamba atathira kale. Nanga chimangacho chikhala cha yani? Pepala silikunena. Walipira chaka chathunthu, koma palibe dzinja limodzi lathunthu limene lili m'kati mwake.

Ndiye nthawi tiziiwerenga ndi kampanya, osati ndi kalendala. Pa pepala pakhale tsiku lolowa ndi tsiku lotuluka, ndi chaka chake cholembedwa m'manambala. Kwa munda wa chimanga, kulowa pa 1 Sepitembala ndi kutuluka pa 31 Julayi kumakwana bwino. Ngati muli nandolo kapena chinangwa, tsiku lotuluka lisunthe, chifukwa mbewu zimenezi zimakhalitsa m'munda. Dimba nalo lili ndi nyengo yake: ntchito yake yaikulu imayamba mvula ikatha. Mukabwereka munda umene kumunsi kwake kuli dimba, funsani ngati dimbalo lili m'kati mwa pangano, ndipo yankho lake lilembedwe.

Pakhalenso mzere uwu: "Tsiku lotuluka likafika mbewu ili m'munda, wobwereka adzadikiridwa mpaka akolole." Ndi mawu ochepa, koma amatseka milandu yambiri, poti mvula ikachedwa kukolola nakonso kumachedwa. Ndipo poti kuno tili ndi ng'ombe, mugwirizane za mapesi. Mwini munda akalowetsa ng'ombe zake nyemba zanu zisanazulidwe, mudzakangana pa chinthu chimene mukanachithetsa ndi mzere umodzi.

Tsono zaka zikhale zingati? Apa yang'anani zimene mukufuna kuika m'nthakamo. Feteleza wa m'thumba mphamvu yake yambiri imathera m'dzinja lomwelo. Koma manyowa a khola amagwirabe ntchito chaka chachiwiri ndi chachitatu. Soya kapena mtedza ukalimidwa chaka chino, chimanga cha chaka chamawa ndicho chimapindula. Migula yotchinga madzi ndi chitsime cha m'dimba ndi thukuta la zaka zingapo. Munthu wa pepala la kampanya imodzi akathira ngolo khumi za manyowa, wanenepetsera wina ng'ombe. N'chifukwa chake minda yobwereketsa chaka ndi chaka imaguga msanga: wolimayo amangokama, sabwezeramo kanthu. Ngati mukufuna kuthira manyowa ndi kusinthanitsa mbewu, pemphani makampanya atatu.

Eni minda ambiri amaopa zaka zambiri, ndipo mantha awo ali ndi pochokera. Lamulo lija la 1997 linati nzika imene yagwiritsa ntchito malo zaka zosachepera 10 mwachilungamo imapeza ufulu pa malowo. Ndiye mwini munda amaganiza kuti, ndikamusiya nthawi yaitali adzati ndi wake. Koma taonani, chimene chimamuteteza ndi pepala lomwelo. Pepala lonena kuti munda ndi wa uje, wabwerekedwa kuyambira tsiku lakuti mpaka lakuti, ndi umboni woti wolimayo ankadziwa kuti ali pa malo a mwini. Choopsa kwa mwini munda si zaka zitatu zolembedwa, koma zaka zambiri za pakamwa, mboni zitamwalira. Za mitengo ya zipatso ndi nyumba, musabzale kapena kumanga popanda kulemba kuti zidzakhala za yani, chifukwa nthaka ndi ya Boma koma mtengo ndi nyumba zili ndi mwini wake.

Mzere wachiwiri: malipiro

"Gawo limodzi mwa magawo anayi a zokolola." Mwini munda uja anauzanso mlamu wanga kuti akafuna angathe kulipira ndalama, mametikali 4,000 pa kampanya. Chabwino n'chiti? Tiyeni tiwerengere limodzi. Mitengo imene nditchule ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke, inu mudzaikepo mitengo ya pa msika wanu.

Tinene kuti thumba la makilogalamu 50 likugulidwa mametikali 600 nthawi yokolola. Chaka chabwino hekitala ija yatulutsa matumba 40. Gawo la mwini munda ndi matumba 10, ndiye kuti mametikali 6,000. Pamenepa amene analipira 4,000 wapindula. Koma chaka cha ng'amba munda womwewo watulutsa matumba 12 okha. Wa magawo apereka matumba 3, atsala ndi 9. Wa ndalama uja 4,000 yake ikufanana ndi matumba pafupifupi 7, ndiye kuti pa matumba 12 watsala ndi 5 basi. Mwaona kusiyana kwake? Pa renda ya ndalama, tsoka la mvula walisenza yekha wolima, ndipo mwayi wa chaka chabwino ndi wakenso yekha. Pa magawo, tsoka ndi mwayi mumagawana.

Pali njira yodziwira pamene ziwirizi zimalingana. Gawani renda ndi mtengo wa thumba: 4,000 kugawa ndi 600, tipeza matumba pafupifupi 7. Poti gawo ndi limodzi mwa anayi, chulukitsani kanayi, tipeza pafupifupi 27 kapena 28. Munda umene nthawi zambiri umaposa pamenepo, ndalama ndiyo yotchipa. Munda umene kawirikawiri sufikapo, magawo ndiwo abwino. Ndiye musanasankhe, funsani oyandikana nawo mundawo kuti zaka zitatu zapitazi munkatuluka ngolo zingati. Musafunse mwini wake yekha.

Koma dzenje lenileni lili pa liwu loti "zokolola". Zokolola ziti: zonse, kapena zotsala titachotsa zolowa? Tinene kuti feteleza matumba 4 ndi mbewu zadya mametikali 12,000, ndipo wagula ndi wobwereka yekha. Pa mtengo uja wa 600, ndiye kuti matumba 20 pa 40 aja angobweza zolowa. Atsala 20. Mwini munda akatenga gawo lake pa matumba onse 40, atenga 10, ndipo wolima atsala ndi 10 a thukuta lake lonse. Pa pepala palembedwa gawo limodzi mwa anayi, koma kunena zoona mwagawana pakati. Akatenga gawo lake titachotsa zolowa, atenga 5, wolima atsala ndi 15. Liwu limodzi losalembedwa lasuntha matumba 5. Sindikunena kuti njira iyi ndiyo yolungama, inayo ayi. Ndikuti musankhe muli maso, ndipo mulembe. Ena amagwirizana kuti mwini munda aikepo thumba limodzi la feteleza pa anayi aja, kenaka atenge gawo lake pa zonse. Imeneyonso ndi njira yabwino.

Chenjeraninso ndi pepala lonena kuti "adzandipatsa matumba 8". Ambiri amaliyesa la magawo poti likutchula chimanga, koma ayi. Matumba 8 ndi 8, kaya mwakolola 40 kaya 12. Imeneyi ndi renda yokhazikika ngati ya ndalama, ndipo chaka cha njala imaluma koposa ndalama, chifukwa ndi pamene chimanga chimakwera mtengo. Mukavomera yotere, pemphani mzere wonena kuti zokolola zikalephera kufika matumba akutiakuti, malipiro asanduke magawo.

Kenaka muyeso. Thumba ndi liti, la makilogalamu 50 kapena lalikulu lija? Lata ya malita 20 ikhale yosefukira kapena yosalaza? Chimanga chake chokonola ndi chouma, kapena cha m'zitsononkho? Ngolo nazonso sizifanana kukula. Mulembe muyeso umodzi, mulembenso kuti kugawa kudzachitikira kuti, ndipo onse awiri akhalepo. Masaka ndi ngolo yotutira gawo la mwini munda alipira ndani? Nyemba ndi maungu a m'mizere alowa m'magawo kapena ndi a wolima? Nanga mondokwa umene ana akazinga mu Malichi? Zikuoneka zazing'ono, koma kukayikirana kumayambira pomwepa. Ndipo ngati mbewu yake ndi mbatata ya kachewere, imene imakumbidwa pang'onopang'ono n'kugulitsidwa, mugwirizane ngati mukugawana matumba m'munda kapena ndalama za ku msika.

Kwa olipira ndalama, pepala litchule tsiku lolipira. Kulipira yonse mu Sepitembala kumadya ndalama ya feteleza, ndiye ambiri amapempha theka polowa, theka atakolola. Ife a kufupi ndi malire tilembenso mtundu wa ndalama, metikali kapena kwacha, poti ziwirizi siziyenda mofanana. Ndipo nthawi iliyonse mukapereka, wolandira asayine kuseri kwa pepala, ndi tsiku lake.

Mzere wachitatu: nthawi ikatha

"Tidzakambirananso." Mawu okoma, eti? Koma sakulonjeza kanthu. Kukambirana mungakambirane ngakhale popanda pepala. Mwini munda akaona chimanga chakula bwino, angathe kupereka munda kwa wina wolipira zambiri, kapena kukuuzani mu Okutobala kuti chaka chino alima yekha, pamene minda yonse yobwereka yatengedwa kale.

Ufulu wopitiriza uli pa masitepe atatu. Yoyamba ndi yomweyi ya "tidzakambirananso", imene ndi ulemu chabe. Yachiwiri imati: "Ngati mwini munda adzabwereketsenso, adzayamba wafunsa wobwereka woyambayu, pa mtengo womwe wina watchula." Iyi ikukutetezani kwa mlendo, koma sikukutetezani mwini akafuna kulima yekha, ndiponso mtengo ungakwere. Yachitatu ndiyo yamphamvu: "Pangano lidzapitirira lokha kampanya ina, pokhapokha mmodzi wa ife atadziwitsa mnzake pamaso pa mboni lisanafike tsiku la 31 Meyi." Ndatchula Meyi dala. Munthu wouzidwa mu Meyi ali ndi miyezi itatu yofunira munda wina nthawi yososa isanakwane. Tsiku limeneli limathandizanso mwini munda, chifukwa naye wobwereka sangamuthawe mvula ili pafupi.

Koma ufulu wopitiriza wopanda mtengo ndi dengu lobowoka. Mwini munda angavomere kuti pitirizani, kenaka n'kutchula 9,000 pamene munkalipira 4,000. Wakuchotsani popanda kunena kuti chokani. Kumbali inayo, si chilungamo kumumanga pa 4,000 zaka zonse pamene sopo ndi mchere zikukwera. Njira imene ndimaiona yabwino ndi kumangirira renda ku chimanga: mulembe kuti renda ya kampanya yatsopano idzakhala mtengo wa matumba 7 pa msika wakutiwakuti mwezi wa Juni. Chimanga chikakwera renda ikwera, chikatsika itsika, ndipo palibe wokwiyira mnzake.

Zilipo zina ziwiri zoti zikhale pa mzere womwewu. Choyamba, maliro. Mwini munda akamwalira, ufulu wake umapita kwa olowa m'malo. Pepala linene kuti iwowo adzalemekeza pangano mpaka tsiku lotuluka, ndipo wobwereka akamwalira, mkazi kapena mwamuna wake ndi ana adzakolola ndi kumaliza nthawi yotsala. Chachiwiri, zifukwa zothetsera pangano nthawi isanakwane zilembedwe poyera, monga kusalipira, kudula mitengo, kapena kubwereketsanso munda kwa munthu wachitatu popanda chilolezo. Zikapanda kulembedwa, chilichonse chimasanduka chifukwa.

Mlamu wanga anabwerera kwa mwini munda ndi mfundo zimenezi, ndipo pepala latsopano linatuluka chonchi: makampanya atatu, kulowa pa 1 Sepitembala, kutuluka pa 31 Julayi wa chaka chachitatu, gawo limodzi mwa anayi la chimanga chokonola, m'matumba a makilogalamu 50, titachotsa feteleza ndi mbewu, nyemba ndi maungu n'za wolima, mapesi ndi a mwini munda kuyambira pa 1 Ogasiti, wofuna kusiya anene lisanafike tsiku la 31 Meyi wa chaka chomaliza. Malire anayenda nawo ndi mapazi pamaso pa amfumu, n'kulemba zizindikiro zake: chulu, mtengo wa mango, ndi njira ya ngolo.

Ndisanakhale pansi, ndinene malire a mphamvu ya pepala lathuli. Pepala la m'mudzi ndi umboni wabwino pamaso pa amfumu ndi pa khoti la m'dera, ndipo pa kubwerekana kwa ife tokhatokha limathetsa milandu yambiri. Koma likakhala pangano lalikulu, monga kampani kapena mwini famu akufuna kulima pa malo a mudzi, kapena iye akukubwereketsani chigawo cha famu yake, nkhani imasintha. Malamulo otsatira a 1998 anati pangano lopereka malo kwa wina kuti awagwiritse ntchito liyambe lavomerezedwa ndi Boma, lilembedwe kwa notariyu, ndipo ngati malowo ndi a mudzi, anthu a m'mudzimo avomereze. Siginecha ya munthu mmodzi siikwana. Kumbukiraninso kuti DUAT ya famu yamalonda ili ndi nthawi yake, siipitirira zaka 50 ngakhale kuti ingathe kuwonjezedwa, pamene ya munda wa banja ilibe malire a zaka. Mwini famu sangakupatseni zaka zoposa zimene iye watsala nazo, choncho pemphani kuona pepala lake, ndipo pitani nalo ku ofesi ya zaulimi ya pa boma musanasayine.

Pepala likakhala m'Chipwitikizi, musachite manyazi kupempha kuti alimasulire m'chinenero chathu mzere ndi mzere, ndipo womasulirayo akhale munthu wanu, osati wobwera ndi mwini pepala. Musasayine tsiku lomwelo, ligone kunyumba, amayi alimve. Pasakhale mpata wosalembedwa woti adzadzaze pambuyo. Mapepala akhale atatu ofanana: la mwini munda, la wobwereka, ndi la amfumu. Lanulo muliike m'pulasitiki, kutali ndi chiswe.

Atsogoleri anena kuti amene ali ndi mapepala otere abwere nawo pa msonkhano wotsatira, tidzawawerenge pamodzi popanda kutchula maina, ndipo mafunso amene atikanike tidzawatumiza ku wailesi kuti alangizi akayankhe pa pulogalamu ya alimi.